Ukaopa, Umathawira kwa Ndani?

Pali mlandu umene ndimauzenga mumtima mwanga kawirikawiri, ndipo oimbidwa mlanduwo ndi awiri. Woyamba ndi mnyamata amene chibwenzi chake chikayamba kulira, iye amatola jekete n'kupita kukaonera mpira. Wachiwiri ndi mtsikana amene amaimba foni kakhumi pa ola limodzi, ndipo akayankhidwa mawu ake oyamba ndi akuti, "Unali ndi ndani?" Tonse timawadziwa anthu awiriwa. Ali ku Chimwemwe, ali ku Lubuto, ena tikugona nawo nyumba imodzi. Mnyamatayo timamutcha wouma mtima, mtsikanayo timamutcha wansanje, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine siithera pomwepo. Akatswiri a maganizo a munthu amati makhalidwe awiriwa nthawi zambiri amayamba munthu ali kumsana, asanadziwe n'kutchula dzina lake lomwe. Ngati zimenezi n'zoona, kodi munthu tingamuimbe mlandu pa chinthu chimene anachiphunzira asanakhale ndi nzeru zosankha? Ndipo tikapanda kumuimba mlandu, nanga mnzake amene akupwetekedwa lero akadandaule kwa ndani?

Ambiri akamva za maphunziro amenewa amati ndi zachizungu. Koma mbali yaikulu ya nkhaniyi inayambira m'midzi ya ku Uganda. Mu 1954 mayi wina wofufuza, Mary Ainsworth, anafika ku Kampala. Anali atagwirapo ntchito ku London ndi dokotala John Bowlby, amene ankanena kuti khanda limafuna kukhala pafupi ndi womulera monga momwe limafunira kuyamwa, ndipo kufunako si chifukwa cha bere lokha. Ainsworth anamva kuti Aganda amatumiza mwana kwa agogo ake akangomuletsa kuyamwa, ndiye ankafuna kuona chimene chimachitika mumtima mwa mwana wotero. Atafika anapeza kuti mwambowo unali utayamba kutha. M'malo mwake anayamba kuyendera mabanja 26 m'midzi yozungulira mzindawo, milungu iwiri iliyonse, kwa miyezi ingapo. Ankangokhala pansi n'kumayang'ana.

Anaona chinthu chimene agogo athu amachidziwa koma sanachilembe. Mwana amene amakhulupirira amake ndiye amapita kutali posewera. Amakwawa mpaka pakhomo, n'kucheuka kuona ngati amake akadalipo, n'kupitiriza. Galu akauwa amabwerera liwiro, amake n'kumunyamula, mtima n'kukhala pansi, n'kutsikanso kukasewera. Koma panali ana ena amene ankalira ngakhale ali m'manja mwa amawo, osafuna kutsika, komanso osatonthola.

Atapita ku Baltimore, ku Amereka, Ainsworth anakonza njira yoyesera zimenezi m'mphindi pafupifupi 20. Mayi ndi mwana wa chaka chimodzi amalowa m'chipinda chachilendo momwe muli zidole. Kenaka mumalowa munthu amene mwanayo samudziwa. Mayi uja amatuluka, n'kubwerera pakapita mphindi zitatu kapena zocheperapo. Amatulukanso, ulendo uno kumusiya mwana yekha, n'kubwereranso. Chimene ofufuza amayang'anitsitsa si kulira kwa mwana amake akatuluka, pakuti ana ambiri amalira. Amayang'ana chimene mwana amachita chitseko chikatseguka, amake atabwera.

Ana ambiri amathamangira kwa amawo, kunyamulidwa, kutonthola, n'kubwerera ku zidole. Awa tiwatche okhazikika mtima. Ena amathamangira kwa amawo koma akanyamulidwa amapalapata, kumenya, kukana chidole, akatsitsidwa n'kuliranso kuti anyamulidwe. Awa ndi ankhawa. Gulu lachitatu ndilo limandigwira mtima. Amake akalowa, mwanayo sacheuka n'komwe. Amangopitiriza kugubuduza kagalimoto kake ngati palibe chachitika. Awa ndi odzipatula. Patapita zaka, ofufuza ena anawonjezera gulu lachinayi, la ana amene amasokonezeka, kuyamba kupita kwa mayi n'kuima chilili pakati pa njira, kawirikawiri chifukwa munthu wothawirako ndi yemwenso amawaopsa. Nkhani ya amenewo ndi yolemera payokha, ndiisiya.

Mwana wa gulu lachitatu uja kwathu kuno timamuyamikira. Timati, "Uyu ndiye mwana, savuta." Koma mu 1977 Alan Sroufe ndi Everett Waters anayeza kugunda kwa mtima wa ana otere, ndipo anapeza kuti pamene nkhope ili phee, mtima umakhala ukuthamanga. Chikomekome cha nkuyu. Mwanayo sanasiye kufuna amake. Anangozindikira kuti akatambasula manja amakankhidwa, ndiye njira yokhalira pafupi ndi munthu wamkuluyo ndi kusamuvutitsa. Wankhawa uja anaphunzira phunziro lina: nthawi zina akalira amabwera, nthawi zina sabwera, ndipo palibe chodziwira. Mwana wotero amakweza mawu, ndipo saleka kulira msanga, chifukwa akatonthola angaiwalidwe. Onse awiri si opusa. Aliyense anapeza njira yabwino koposa pa nyumba imene anabadwiramo.

Wina anganene kuti ife timaleredwa ndi anthu ambiri, osati mayi mmodzi m'chipinda chotseka, choncho zoyesa za ku Baltimore sizitikhudza. Funsoli linayesedwa konkuno. Mu 2016 Haatembo Mooya ndi Francis Sichimba a pa yunivesite ya Zambia, pamodzi ndi mnzawo wa ku Netherlands, anasindikiza zimene anapeza m'mabanja osauka a ku Lusaka. Mwa ana 100 alionse, pafupifupi 59 anali okhazikika mtima kwa amawo, 24 odzipatula, 17 ankhawa. Anayesanso ana omwewo ndi akulu awo kapena alongo awo amene amawabereka kumsana masana onse. Anapeza kuti khanda limathawiranso kwa mlezi wake wamng'onoyo, ndipo mmene likhalira ndi iye sizidalira mmene likhalira ndi amake. Mwana angakhale wosakhazikika kwa mayi womubala koma n'kukhala ndi pothawira pabwino mwa mlongo wake wa zaka khumi.

Choncho kuchuluka kwa manja si vuto. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewo wapulumutsa anthu ambiri kuno. Funso ndi lakuti, pa manja onsewo, kodi panali amodzi amene ankabwera ndithu ukalira usiku?

Apa ndipamene ndimaganizira za ife a ku migodi. Amene tinabadwa pakati pa 1990 ndi 2005 tinabadwa nyumba zikugwedezeka. Kampani ya boma ya ZCCM, imene inkapatsa antchito ake nyumba, madzi, magetsi, chipatala, ngakhale matewera a khanda, inali ikugwa, ndipo pofika mu 2000 migodi yonse ikuluikulu inali itagulitsidwa. Anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito. Abambo ena anabwerera kumudzi, ena anakhala pakhonde tsiku lonse osalankhula, ena anasamukira ku shabini. Amayi analowa m'misika, ku Chisokone, ku Masala, ena mpaka ku Nakonde ndi ku Kasumbalesa kukaoda katundu. Nthawi yomweyo matenda a Edzi anali pachimake. Kafukufuku amene anachitika ku Ndola mu 1997 ndi 1998 anapeza kachilombo mwa mkazi pafupifupi mmodzi pa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49, ndi mwamuna pafupifupi mmodzi pa anayi, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwa anthu wamba. Ana anagawidwa pa maliro monga momwe amagawira zovala za womwalira: uyu apite kwa amalume ku Luanshya, uyu kwa agogo ku Katete. Ana amenewo ndi ife amene tikufunsirana lero, kulipira malowolo ndi kuchitira lendi zipinda ziwiri m'komboni.

Nditenge anthu awiri amene ndimawadziwa bwino. Maina awo ndiwasunga.

Mnyamatayo anabadwira ku Wusakile. Amake anamwalira ali ndi zaka zinayi, ndipo anatengedwa ndi amalume ake ku Chamboli. Sanazunzidwe, zimenezo amanena yekha. Ankadya, anaphunzira sukulu, ankagona pabalaza. Koma m'nyumbamo munali kale ana asanu, ndipo anazindikira msanga kuti malo ake amadalira kusavuta. Akadwala mutu ankagona chafufumimba mpaka upole. Lero amagwira ntchito pansi pa mgodi kudzera kwa kontilakita.

Mtsikanayo ndi wa ku Chifubu, ndipo makolo ake onse ali moyo. Amake ankapita kukaoda salaula ndi nsapato, n'kutha sabata imodzi kapena ziwiri. Pobwera nthawi zina ankamunyamula, kumupsompsona, kumupatsa masiwiti. Nthawi zina ankabwera katundu atalandidwa pamalire, n'kumukalipira chifukwa chongowagwira chitenje. Tsiku lochoka sankamuuza. Ankazemba m'bandakucha kuti asalire, iye n'kudzuka kupeza pamphasa palibe munthu. Lero amagwira ntchito m'kabuthi kotumizira ndalama pafoni.

Tsiku lina Lachinayi, cha m'ma 10 koloko, munthu wina anamupusitsa ndi uthenga wabodza, ndipo ndalama za abwana zinaperewera ndi K300. Manja akunjenjemera, analembera chibwenzi chake pa WhatsApp. Ankadziwa kuti mnyamatayo ali pansi ndipo foni ili m'lokala, choncho mpaka masana anapirira. Nthawi ya 16 koloko tizizindikiro tiwiri tija tinasanduka tabuluu. Wawerenga. Yankho silinabwere.

Tiyeni tione mbali ya mnyamatayo, chifukwa si kuti sanamve kanthu. Atawerenga, pachifuwa panamuthina. Kwa iye munthu wolira ndi katundu amene sadziwa pomugwira, pakuti iye mwini sanagwiridwepo akulira. Chimene amadziwa ndi kukonza zinthu. Anaganiza kuti ayankha akapeza ndalamazo, ndipo anayamba kufunsa anzake amene angamubwereke. M'maganizo mwake anali ali kale pa ntchito yomukonda mtsikanayo.

Ku Ndola, mphindi khumi za chetezo zinali pamphasa popanda munthu paja. Anaimba kamodzi. Anaimba kachiwiri. Pofika 17 koloko anali ataimba kasanu ndi kawiri, ndipo mauthenga anali atasintha. Za K300 zinali zitaiwalika. Tsopano ankalemba kuti, "Ngati watopa nane ungonena," kenaka, "Ndikudziwa kuti uli ndi wina." Mnyamata uja ataona foni ikuwalawala anamva ngati denga la mgodi likutsika, ndipo anachita chimene chinamupulumutsa pabalaza pa amalume ake. Anazimitsa foni n'kugona.

Loweruka anakwera basi ya ku Ndola, ulendo wa ola limodzi, ndalama zili m'thumba. Anazipereka osanena zambiri. Mtsikanayo anaziponya pampando. Iye ankafuna kumva chifukwa chake anamusiya yekha usiku wonse wa Lachinayi. Mnyamatayo anaona ndalama zimene anachita kupempha mochititsa manyazi zili pampando, ndipo anati mumtima, "Mwaona, ukapereka sizikwana." Anaimirira n'kubwerera ku siteshoni. Aliyense anapita kukagona atatsimikizira chimene ankachikhulupirira kuyambira ali mwana: wina kuti anthu amachoka, wina kuti anthu amalemetsa.

Chimene chimandidabwitsa pa nkhaniyi ndi chakuti onse awiri anapereka. Chovuta chinali kulandira. Mtsikanayo ukamuuza kuti umamukonda amakhulupirira, koma kwa maola ochepa, ngati madzi m'ndowa yobooka, ndipo mawa amafuna kumvanso. Mnyamatayo kulandira kumamuvuta kwambiri kuposa pamenepo. Atadwala malungo anakhala masiku atatu osamuuza mtsikanayo, ndipo atabwera ndi phala anakwiya m'malo mothokoza. Kwa munthu amene anakula akudya nsima ya eni ake, chisamaliro chilichonse chimamveka ngati ngongole imene tsiku lina adzakumbutsidwa.

Kuti za ana zija zimafika mpaka pa chikondi cha akulu, anayamba kuzionetsa ndi Cindy Hazan ndi Phillip Shaver mu 1987. Anaika mafunso m'nyuzipepala ya mumzinda wa Denver, n'kupempha owerenga kuti asankhe ndime imodzi mwa zitatu imene ikufotokoza bwino mmene amakhalira ndi okondedwa awo. Oposa theka anasankha ya kukhazikika mtima, mmodzi pa anayi ya kudzipatula, mmodzi pa asanu ya nkhawa, pafupifupi mofanana ndi momwe ana amagawikira. Koma kafukufuku amene amandithandiza kwambiri ndi wa Jeffry Simpson ndi anzake, wa mu 1992. Anaitana zibwenzi 83. Mtsikana aliyense ankauzidwa kuti posachedwa achitidwa zinthu zimene anthu ambiri amaziopa, n'kuonetsedwa kachipinda ka mdima kokhala ndi makina. Kenaka ankamubweza kuti adikire pamodzi ndi chibwenzi chake kwa mphindi zisanu, kamera yobisika ikujambula. Atsikana okhazikika mtima, mantha akamakula, ankayandikira kwambiri kwa anyamata awo. Odzipatula, mantha akamakula, ankatalikira. Anyamata odzipatula nawonso, akaona kuti mnzawo waopa kwambiri, m'pamene ankachepetsa chitonthozo.

Mfundo yake ndi yakuti khalidweli limaonekera pa nthawi ya mantha, osati pa nthawi ya mtendere. Izi n'zofunika kwa ife, chifukwa kwathu anthu ambiri sagwirana manja pamsewu kapena kuitanana maina okoma pamaso pa apongozi, ndipo umenewo ndi ulemu chabe. Agogo anga aamuna sindinawamvepo akunena mawu achikondi, koma agogo aakazi akadwala ankakhala pamutu pa mphasa mpaka kucha. Ukafuna kumudziwa munthu, usamuyese pa tsiku la khitchini pate. Muone tsiku limene kontilakiti yatha, kapena mwana watentha thupi pakati pa usiku. Kodi amabwera kwa iwe, kapena amasowa? Nanga iwe ukapita kwa iye uli ndi mantha, umabwerako mtima utatsika kapena utakwera?

Tsopano ndibwerere ku mlandu uja. Akuluakulu amati m'mera mpoyamba, ndipo achinyamata ena amene awerenga pang'ono za nkhaniyi pafoni amautenga mwambiwo ngati chiweruzo chomaliza. Ndamvapo mnyamata akuuza chibwenzi chake kuti, "Ine ndine wodzipatula, ndi mmene ndilili," ngati akutchula gulu la magazi ake. Umboni sukugwirizana naye. M'chaka cha 2000 kunatuluka zotsatira ziwiri za ana amene anayesedwa ali makanda n'kufunsidwanso atakula. Everett Waters anatsatira ana 50 a m'mabanja opeza bwino, ndipo patapita zaka 20 pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali mbali yomweyo imene anali ali makanda. Ambiri mwa amene anasintha anali atakumana ndi zazikulu, monga imfa ya kholo kapena kutha kwa ukwati. Koma ku Minnesota, pakati pa ana obadwira mu umphawi, amene moyo wawo unkasinthasintha, zimene mwana anali pa chaka chimodzi sizinkalosera zimene adzakhale pa zaka 19. Kunena zoona, ambiri a iwo anasinthira koipa. Koma chinthu chimene moyo ungachipinde si mwala. Moyo wa m'makomboni athu ukufanana kwambiri ndi wa ana a ku Minnesota aja kusiyana ndi wa ana a Waters. Aphunzitsi amodzi, azakhali amodzi, chibwenzi chimodzi choipa kapena chabwino, zonsezi zimalemba pamwamba pa zimene zinalembedwa kumsana.

Ine ndimaliona khalidweli ngati chinenero cha kunyumba. Ife a kummawa amene tinakulira kuno sitinasankhe kuti mawu athu oyamba akhale a Chinyanja. Palibe angatiimbe mlandu pa chimenecho. Koma tinaphunzira Chibemba, chifukwa anzathu a pamsewu ndicho ankamva. Tikadzidzimuka kapena kupsa mtima, cha kunyumba chija chimatuluka chokha, ndipo mwina chidzatuluka mpaka kufa. Komabe munthu amene wakhala ndi mnzake zaka zitatu, akudziwa kuti mnzakeyo samva chinenero chake, n'kumakana kuphunzira ngakhale moni, ameneyo wasankha.

Choncho chiweruzo changa n'chotere. Kuthina kwa pachifuwa kumene mnyamata uja anamva pa 16 koloko si mlandu wake. Mantha amene anagwira mtsikana uja ataona tizizindikiro tabuluu si mlandu wake. Zimenezo zimabwera munthu asanaganize. Koma pakati pa kuthinako ndi kuzimitsa foni pali kampata, mwina ka mphindi imodzi, ndipo m'kampata kameneko muli munthu wamkulu wa ndevu zake. Tsiku loyamba tingamukhululukire chifukwa sankadziwa. Akauzidwa momveka kuti kukhala chete kwake kumamuchita chiyani mnzake, kuyambira pamenepo mlandu umayamba kukhala wake. Ubwana umafotokoza kumene chinthu chinachokera. Sulipira chimene chawonongeka lero.

Ndipo pali malire amene sindifuna kuti wina awadumphe atanyamula nkhani yangayi. Kulanda foni ya mnzako, kumutsatira kuntchito, kumuletsa kucheza ndi abale ake, kumumenya, zimenezo si nkhawa ya paubwana yofuna kumvetsedwa. Ndi nkhanza, ndipo malo ake ndi kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Amasiye ambiri anakula movutika koma sanakwezepo dzanja.

Palinso msampha wina, umene umagwira atsikana kawirikawiri. Si mantha onse amene amachokera kumsana. Mtsikana amene chibwenzi chake chili ndi mafoni awiri ndipo chimasowa sabata ya malipiro iliyonse alibe vuto la ubwana, ali ndi maso. Mwamuna wochenjera angathe kugwiritsa ntchito mawu a akatswiriwa kumutsekera pakamwa: "Vuto ndi nkhawa zako." Kusiyanitsa kwake sikovuta kwambiri. Nkhawa yakale imakutsata pa chibwenzi chilichonse, ngakhale kwa munthu amene sanakunamizepo, ndipo imaonekeranso kwa anzako ndi abale. Ukapeza umboni woti zonse zili bwino imatsika pang'ono n'kubwereranso popanda chatsopano. Mantha oona amayamba ndi munthu mmodzi, pa zinthu zimene ungathe kuziloza ndi chala, ndipo anzako okufunira zabwino amazionanso.

Chimene chimandivuta ndi chakuti malangizo athu ambiri amathirira manyowa pa makhalidwe awiri omwewa. Mnyamata amauzidwa kuti mwamuna salira, ndipo wodzipatula amamva kuti bala lake ndi ulemerero. Mtsikana amauzidwa ndi anzake kuti wopanda nsanje sakukonda, ndipo akakumana ndi mnyamata wodekha, woyankha foni nthawi yake, amaona ngati chikondicho chilibe mchere. Amabwerera kwa uja womusowetsa tulo, chifukwa mtima wake unaphunzira kuti kukonda ndi kudikira pakhomo. Alangizi ndi anachimbusa amaphunzitsa zambiri zothandiza, za kuphika, za ulemu, za kuchipinda, ndipo pamwamba pa zonse amaika kupirira. Ndikanakonda akanawonjezera funso limodzi kwa onse awiri asanalowe m'nyumba: uli mwana, ukaopa, unkathawira kwa ndani, ndipo ankakulandira bwanji? Yankho lake lingawauze zambiri kuposa mndandanda wa malowolo.

Nanga amene wazindikira achite chiyani? Zimene zimathandiza n'zazing'ono, ndipo n'zosiyana kwa aliyense. Wodzipatula safunika kusanduka wolankhulalankhula. Ngongole yake ndi kunena nthawi yobwerera. Kuchoka kuti mtima utsike si tchimo, koma kuchoka osanena kuti ubwera liti ndiko kuzemba kwa m'bandakucha kuja. Wankhawa ngongole yake ndi kupempha chimene akufuna m'mawu ake enieni, osati kutchera msampha. "Ndaopa, ndikufuna kumva mawu ako" ndi pempho limene munthu angaliyankhe. "Ndikudziwa kuti uli ndi wina" ndi mlandu, ndipo munthu woimbidwa mlandu amadziteteza kapena kuthawa. Winayo naye ali ndi ufulu wotopa. Chibwenzi chingakhale pothawira, koma sichingakhale mayi amene anamwalira mu 2001, ndipo amene wapirira zaka zambiri popanda kusintha kulikonse sanalakwe akachoka.

Awiri aja sanasiyane. Amene anawakhazika pansi ndi azakhali a mtsikanayo, mayi wogulitsa kapenta amene sanamvepo dzina la Ainsworth. Atamva mbali zonse ziwiri anafunsa mnyamatayo kuti, "Mwana wanga, Lachinayi lija unali kuti?" Iye anafotokoza za anzake atatu amene anawapempha ndalama. Mtsikanayo anali asanamvepo zimenezo. Kenaka anafunsa mtsikanayo chimene ankafuna pa 16 koloko, ndipo anayankha kuti sankafuna ndalama, ankafuna mawu awiri okha. Mnyamatayo anadabwa kwenikweni. Sankadziwa kuti mawu opanda ndalama angakhale kanthu kwa munthu.

Anagwirizana zinthu ziwiri. Iye akatuluka pansi n'kupeza uthenga wolemera, amalemba kuti, "Ndaona. Ndatopa. Ndikuimbira 19 koloko," ndipo 19 koloko amaimbadi, ngakhale alibe yankho la vutolo. Mtsikanayo akalandira uthenga umenewo saimba mpaka nthawiyo itakwana. Amati maola atatuwo amakhala aatali ngati ulendo wa ku Chipata, ndipo masiku ena amapereka foni kwa mnzake wa m'kabuthi koyandikana kuti amusungire. Miyezi yoyamba analephera kangapo onse awiri. Pano mafoni asanu ndi awiri aja anatsika kufika pa imodzi.

Zina sizinasinthe. Amalume aja a ku Chamboli atamwalira chaka chatha, mnyamatayo anayendetsa maliro onse, kugula bokosi, kupeza galimoto, kulandira anthu, osagwetsa msozi. Atachoka kumanda anasowa masiku awiri. Ulendo uno anasiya uthenga wonena kuti ali kwa mnzake ku Mindolo ndipo abwera Lachiwiri. Mtsikanayo sanagone mausiku onse awiri, koma sanamutsatire. Lachiwiri madzulo anabwera, nakhala pampando, napempha tiyi.